Intaneti ndi yabwino, koma imelo yokweza mtengo muiwerenge ndi kakyuleta

Ndili ndi kashopu kosindikiza ndi kufotokopa ku Kamuzu Road kuno ku Salima, ndipo intaneti ndimagula ku kampani ina pamwezi. Netiweki sindidandaula nayo. Imagwira bwino, kupatula mvula ikamagwa yamphamvu. Ndemangayi ikukhudza imelo yomwe anatitumizira yoti mtengo ukukwera.

Poyamba ndiwayamikire. Sanazungulire: mzere woyamba unanena kuti 100GB yomwe tinkalipira K40,000 ikhala K52,000, ndipo anatipatsa mwezi wathunthu wokonzekera. Zifukwa zake zinali zomveka. Zipangizo ndi intaneti yochokera kunja amalipira ndi madola, komanso majenereta a pansanja zawo amamwa dizilo. Amene timagula inki ndi mapepala tikudziwa mmene katundu wakunja wakhala akukwerera chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndiye apo sindingatsutse.

Vuto lili pomwe analemba kuti "mutha kukhalabe pa dongosolo lakale". Njira anapereka ziwiri, koma sizofanana ngakhale pang'ono.

Yoyamba ndi kupitiriza kulipira K40,000 koma nkumalandira 75GB. Ndalama yotuluka m'thumba siisintha, n'chifukwa chake ambiri angathamangire imeneyi. Koma tagawani. Kale 1GB inali K400. Pamtengo watsopano ndi K520. Panjira iyi ikukwana K533, kuposa mtengo watsopano womwewo! Ndiye dongosolo lakale lili pati? Imathandiza yekhayo amene samaliza 75GB pamwezi. Musanasankhe, onani kaye zomwe munagwiritsa ntchito miyezi yapitayi. Ngati mumafika 90GB ngati ine, bandulo idzakutherani mwezi usanathe ndipo mudzagula yowonjezera modula.

Yachiwiri ndiyo yeniyeni: kulipiriratu miyezi isanu ndi umodzi pamtengo wakale, K240,000, nkupulumutsa K72,000. Ine ndinasankha imeneyi, ngakhale kutulutsa ndalama zonsezo kamodzi kunandipweteka. Kwa munthu wa geni yaing'ono si zapafupi, ndipo akanaika ya miyezi itatu bwenzi ambiri atakwanitsa. Imelo sinanene ngati amabweza ndalama munthu akasamuka miyeziyo isanathe. Nditaimba foni, mayi amene anayankha anandiuza mwaulemu kuti sabweza, koma rauta ndikhoza kupita nayo kulikonse komwe kuli netiweki yawo. Zimenezi zinayenera kulembedwa.

China chondinyansa n'chakuti tsiku lomaliza kusankha analibisa pansi penipeni, m'timalemba ting'onoting'ono, ndipo ukapanda kuyankha amangokuika pa K52,000. Imeloyo inalinso ya Chingerezi chokhachokha, popanda ngakhale uthenga wapafoni wokumbutsa. Mnzanga wa malo ogona alendo ku Senga Bay anaipeza mu Spam tsikulo litadutsa kale.

Ndikuwapatsa nyenyezi zitatu mwa zisanu. Ndikhala nawobe mpaka miyezi yangayo ithe, kenako ndidzafananiza ndi mitengo ya ena.