Mtima wothina: tisunge chithunzi kapena timasulire tanthauzo?

M'nyimbo zachikondi za Chiperezi mumamveka kawirikawiri mawu akuti "delam barat tang shode". "Del" ndi mtima, "tang" ndi kuthina, ndipo woyimbayo akunena kuti wasowa wokondedwa wake.

Njira yoyamba yomasulira mawuwa m'Chichewa ndi kungolemba kuti "Ndakusowa". Aliyense amva msanga, koma mtima uja wapita, ndipo mzere wotsatira ukanena za chifuwa ngati khola la mbalame, usowa pogwira.

Njira yachiwiri ndi kusunga chithunzicho: "Mtima wanga wathina chifukwa cha iwe". Vuto lake, kwathu zinthu zikathina ndiye kuti zavuta, choncho womvera angaganize kuti wokondedwayo ndi wovutitsa, kapena kuti woyimba akudwala. Ine ndimawonjezera liwu limodzi lolozera njira: "Mtima wandithina pokusowa". Mzere watalika kuposa wa Chiperezi uja ndipo sungalowenso m'mayimbidwe ake, koma kupanikizika kuja kwatsala.

Pa liwu lina la Chiperezi lakuti "jigaram" njira yachiwiriyi imagwa. Liwuli ndi "chiwindi changa", dzina losasitira wokondedwa, koma m'Chichewa limanunkha kubutchala. Apo ndimalemba "wapamtima wanga", chiwindi n'kuchisiya.