Kuwerengera mphamvu ya seva: mphindi ya piringupiringu kapena avereji ya tsiku?

Pofuna kudziwa makompyuta angati akufunika pa webusayiti, ena amatenga mapempho onse amene alendo amatumiza ku webusayitiyo patsiku n'kugawa ndi masekondi 86,400. Ena amayang'ana nthawi imene anthu amachulukana kwambiri. Ine ndili kumbali yachiwiriyi.

Tiyerekeze kuti seva, kompyuta yoyendetsa webusayitiyo, imalandira mapempho 4,320,000 patsiku. Avereji yake ndi 50 pa sekondi. Ngati pempho lililonse limadya mamilisekondi 20 a purosesa, ndiye kuti mtima umodzi wa purosesa, kutanthauza chigawo chimodzi mwa zigawo zake zowerengera, ukukwanira ndendende. N'zotchipa, inde, koma usiku anthu amagona, ndipo avereji imabisa zimenezo.

Tsopano onani nthawi ya piringupiringu, pomwe mapempho afika 400 pa sekondi. Kuchulukitsa ndi mamilisekondi 20 kukupereka mitima 8. Koma purosesa ikadzaza mpaka pakamwa, mapempho amaima pamzere ndipo kudikira kumakula mofulumira. Choncho timafuna igwire ntchito pa 60 peresenti yokha: 8 kugawa ndi 0.6, pafupifupi mitima 14.

Memore nayo musaiiwale. Pempho likamatenga kota ya sekondi kuti liyankhidwe, mapempho 100 amakhala m'kati nthawi imodzi. Lililonse likagwira mamegabaiti 30, pakufunika magigabaiti 3. Nkhokwe ya deta ikachedwa, yankho n'kutenga sekondi yathunthu, memore yofunika imakwera kanayi ngakhale alendo sanachuluke.

Avereji imathandizabe poyerekeza deta yotumizidwa pamwezi. Koma mukagula seva potengera averejiyo, mudzaona mauthenga a 503 kapena 504, osonyeza kuti seva yalephera kuyankha, pa ola limene makasitomala achuluka.