Fomu Yojambulidwa pa Foni: Kumasulira mu Tebulo Kapena Mondandalika?

Munthu wabwera nayo fomu ya kuchipatala, waijambula pa foni, akufuna iikidwe m'Chiarabu. Muchite bwanji?

Kundandalika funso lililonse ndi yankho lake pansi n'kwachangu, ndipo pa fomu ya dzina ndi adiresi basi kumakwanira.

Koma pakakhala mizere yopingasa ndi yotsika, jambulaninso tebulo lonse. Chiarabu chimayambira kumanja, ndiye mzere wotsika woyamba, wa mayina a mankhwala, usamukire kumanja, mutu wake nawo upite komweko. Mukatembenuza mitu yokha n'kusiya mayankho, mlingo wa mankhwala ugwera pansi pa tsiku. Manambala okha asatembenuzidwe: 250 akhale 250, osati 052. Bokosi lopanda kanthu lisiyeni lilipo, mukalichotsa zonse zimasuntha. Ine ndimasankha tebulo, ngakhale limadya nthawi.