Sofa imodzi, makanema awiri: ya pafoni ndi ya katswiri

Ife Achewa okhoma masofa ku Glen View Area 8 kuno ku Harare takhala tikutsutsana: kodi potsatsa pa Facebook ndi Instagram, yokoka makasitomala ndi kanema yojambula wekha pafoni kapena ya katswiri? Ine ndimati funso limeneli libwere pomaliza. Kanema ziwirizi zimasiyana zambiri, moti ina ikapambana simudziwa chimene chapambanitsa.

Yambani ndi masekondi atatu oyamba, poti munthu akapanda kuima pamenepo, zotsatirazo saziona. Tengani kanema imodzi ya sofa, musinthe poyambira pokha. Yoyamba itsegule ndi mtengo wolembedwa m'zilembo zazikulu. Yachiwiri itsegule ndi dzanja likudinikiza siponji, iyo n'kubwerera m'malo mwake. Mawuwo alembedwe pakanemapo, m'Chishona kapena m'Chingerezi malinga ndi ogula anu, chifukwa ambiri amaonera foni ili chete, makamaka m'kombi.

Poyesa makanema awiriwa pali njira ziwiri. Mutha kuika makanema onse mu ad set imodzi, kutanthauza gulu la zotsatsa zogawana bajeti imodzi, koma Meta, kampani ya Facebook ndi Instagram, imafulumira kukondera imodzi n'kuipatsa pafupifupi ndalama zonse, inzakeyo osaonedwa mokwanira. Njira ya A/B test mu Ads Manager, pulogalamu ya Meta yoyendetsera zotsatsa, imagawa anthu m'magulu osiyana, kuti woona yoyamba asaonenso yachiwiri. Imadya ndalama zochulukirapo, koma poyesa ndiye yoyenera. Ziyende limodzi masiku 7 osazikhudza. Mukayendetsa ina kumapeto kwa mwezi anthu atalandira, ina pakati pa mwezi, mwayesa matumba a anthu, osati kanema.

Tingoyerekeza kuti mwaika madola 5 patsiku pa iliyonse, ndiye kuti 35 pamlungu. Iliyonse yaoneka ka 10,000 pa Impressions. Pa 3-second video plays, chiwerengero cha maulendo amene kanema yaoneredwa masekondi osachepera atatu, ya mtengo ili ndi 1,500, ya siponji 3,000. Ya siponji yaimitsa anthu 30 pa 100 alionse, inzake 15 okha. Koma musathamange. Ya siponji yabweretsa mauthenga 20 a WhatsApp, dola 1.75 uliwonse, ya mtengo 14, madola 2.50 uliwonse. Tsopano tsegulani kope lanu la maoda. Ngati mwa 20 aja wapereka dipoziti ndi mmodzi, pamene mwa 14 aja apereka atatu, ya mtengo ndiye yagwira ntchito: idathamangitsiratu ongofunsa mtengo n'kusowa. Ads Manager sidziwa amene wapereka dipoziti, choncho kanema iliyonse ikhale ndi uthenga wakewake woyambira pa WhatsApp kuti muzindikire kumene munthu wachokera. Komabe atatu ndi mmodzi ndi manambala ochepa, bwerezani mlungu wina musanakhulupirire.

Za kaonekedwe sindichedwapo. Poyambira popambana paja muyese ngati kanema yoimirira ya Reels, ya 9:16, ndi carousel, ndiye kuti zithunzi zinayi kapena zisanu zimene munthu amasuntha ndi chala. Kanema imaonetsa kufewa kwa sofa, zithunzi zimaonetsa mitundu ya nsalu ndipo zimatseguka msanga netiweki ikavuta. Pa Reels musalembe mtengo m'munsi, mabatani amauphimba.

Tsopano ya pafoni ndi ya katswiri. Mphamvu ya yapafoni ndi umboni. Wogula amaona mafelemu a matabwa asanakutidwe, utuchi pansi, mnyamata akukoka nsalu ndi kuikhoma. Pamalonda athu izi n'zofunika, chifukwa anthu atopa ndi zithunzi zotola pa intaneti zimene sizifanana ndi katundu wofika pakhomo. Ndiponso mawa mutha kujambula ina osalipira munthu. Zofooka zake n'zodziwika: m'shedi muli mdima, nsalu yotuwa imaoneka yofiirira, macheka amameza mawu. Kasitomala wokana sofa chifukwa mtundu si umene anauona amakutayitsani ndalama zoposa zimene munapulumutsa. Sofayo itulutseni panja m'mawa pamthunzi, mawu mujambule padera.

Ya katswiri imaonetsa mtundu weniweni ndi sofa ili m'chipinda chokonzeka, ndipo imayenerana ndi mtengo wapamwamba, monga mukamafuna ogula a ku Borrowdale kapena Mount Pleasant. Koma imaoneka msanga kuti ndi malonda, chala n'kudutsa, ndipo ikatopetsa anthu kusintha kwake n'kulipiranso. Mukaona m'ndemanga akufunsa ngati sofayo ndi yanudi, dziwani kuti kukongolako kwabala chikayiko.

Poziyesa, sofa ikhale yomweyo, mtengo womwewo, mawu oyamba omwewo, kutalika kofanana. Ndipo malipiro a katswiri muwawonkhetse pa ndalama zotsatsira musanagawe ndi maoda. Kwa wa sofa zamtengo wapakati, ine ndingayambe ndi foni, katswiri ndimuitane mawu oyamba atapezeka kale, ndipo ndimuuze ajambule moimirira, asiyemo kamphindi koonetsa mafelemu ali m'shedi.