Lonjezo la wogulitsa litalembedwa: zimene zimaoneka pakapita miyezi 14

"Pogula batire la sola, wogulitsa anandiuza pakamwa kuti likafa zisanathe zaka ziwiri adzandisinthira ulere. Ndinamupempha kuti andilembere. Kodi cholembedwacho chimagwiradi ntchito vuto likafika?"

Chimagwira, koma osati cholembedwa chilichonse. Tsiku logula mapepala onse amaoneka olimba. Kusiyana kwake kumatulukira walanti yosindikizidwa ikatha.

Tiyerekeze kuti tafika mwezi wa 14. Khadi la walanti limene linabwera m'katoni limati miyezi 12, ndiye kuti linatha kale. Batire lija, lomwe poyamba linkayatsa nyumba usiku wonse, tsopano likuzima pakangotha maola atatu. Mukubwerera kusitolo, mukupeza kuti wogulitsa uja anasiya ntchito, ndipo amene ali pakauntala sakukudziwani. Iyeyu sangafunse zimene munauzidwa. Angopempha pepala.

Ngati chimene muli nacho ndi uthenga wa pa WhatsApp woti "musadandaule, tidzakuthandizani," muvutika. Uthengawo unachokera pa nambala ya munthu payekha, osati ya sitolo, sukutchula batire, sukutchula nthawi, ndipo kuthandiza kungatanthauze kungoliyeza basi. Lisiti ya pamakina nayonso imagwiritsa mwala. Pepala lake losalala lija limalembedwa ndi kutentha, osati inki, ndipo likakhala m'chikwama kapena pamalo otentha zilembo zimafufutika. Mawu a bolopeni amene wogulitsa analemba kuseri amatsala, koma tsiku ndi dzina la sitolo zitazimiririka. Ijambuleni tsiku lomwelo, mbali zonse ziwiri.

Chimene chimapirira ndi lonjezo lolembedwa pa invoisi penipenipo, musanalipire, manijala n'kusaina, kulemba dzina lake ndi tsiku, ndi kudindapo chidindo cha sitolo. Manijala ndi wofunika chifukwa sitolo ikhoza kunena kuti wogulitsa analibe mphamvu yowonjezera walanti. Pali chifukwa chinanso. M'mapangano ambiri osindikizidwa muli chiganizo chonena kuti zolembedwa m'menemo ndiye pangano lonse. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, ndipo lonjezo la pakamwa nthawi zina limamanga, koma mukasaina pansi pa chiganizo chotero mwadzipatsa ntchito yaikulu yotsimikizira zimene munamva. Choncho lonjezolo lilowe m'panganomo, ndipo linene kuti likuwonjezera pa walanti ya miyezi 12.

Koma ngakhale pepala losainidwa bwino limakodwa pa liwu limodzi loti "likafa." Batire la mwezi wa 14 lija silinafe, lafooka. Amisiri a sitolo akhoza kuliyeza, kupeza mavoti ali bwino, n'kunena kuti likugwira ntchito. Mavoti paokha sasonyeza kuchuluka kwa magetsi amene batire likusunga. Chimene chimasonyeza ndi kulidzaza kenako kulikhuthula ndi chipangizo chimene mukudziwa kuchuluka kwa magetsi amene chimadya, n'kuwerenga maola. Pamenepa ndi pamene ogula ambiri osamala amagwa, ndipo n'zomvetsa chisoni chifukwa chiganizo chimodzi chikanawateteza. Mawu ake angakhale otere:

"Sitolo idzasintha batire ili, la nambala yakuti, ndi latsopano lofanana nalo popanda malipiro, ngati pasanathe miyezi 24 kuchokera tsiku lolilandira likusunga magetsi osakwana 70 pa 100 a mphamvu yolembedwa pa batirelo. Kuyeza kudzachitika wogula alipo. Zonyamulira ndi zamisiri idzalipira ndi sitolo."

Chiwerengero cha 70 si lamulo, ndi choti mugwirizane. Chofunika n'chakuti pakhale muyezo. Nambala ya batire muikopere kuchokera pa batirelo, osati pa katoni, chifukwa zikasiyana adzati si limene anakugulitsani. Funsaninso zimene zingaphe lonjezolo. Ogulitsa ena amafuna kuti batire lilumikizidwe ndi mmisiri wawo, kapena pa invata imene iwo avomereza, ndipo zimenezi ndi bwino kuzimva tsiku logula.

Ngati munalipira kale, musagonepo. Tumizani imelo ku adiresi ya sitolo tsiku lomwelo, mutchule nambala ya invoisi, dzina la amene anakulonjezani ndi mawu ake monga munawamvera, kenako mupemphe kuti ayankhe movomereza. Akakhala chete, si kuti avomera. Imelo yanuyo imangosonyeza kuti inu munakumbutsa nkhaniyo idakali yaposachedwa. Pakapita masiku angapo osayankhidwa, isindikizeni, mupite nayo kwa manijala akasainepo. Akakana, mwadziwa msanga kuti walanti yanu ndi ya miyezi 12, ndipo batire muliyezetse m'mwezi wa 11, khadi lija lidakali ndi mphamvu.