Sony a6400 pojambula galu wosakhazikika: imathamanga, koma chala chanu ndicho chimasankha nthawi

Kamerayi tayigwiritsa ntchito nthawi yaitali pojambula agalu ndi amphaka, makamaka ndi lenzi ya E 50mm F1.8 OSS. Mwachidule, pa ntchito imeneyi ndi kamera yabwino ndithu. Komabe zithunzi 11 pa sekondi zomwe zimakopa ogula ambiri si zimene zimabweretsa chithunzi chabwino. Tikanafunsidwa kupereka nyenyezi, tikanapereka 4 mwa 5.

Sony a6400 inatuluka mu 2019, ndipo luso lotsata diso la nyama linabwera m'chaka chomwecho kudzera mu pulogalamu ya m'kati ya Ver. 2.00. Ngati mukugula yakale kwa munthu, yambani mwaona zimenezi. Tsegulani menyu, pitani pa Face/Eye AF Set., ndipo muone ngati pali Subject Detection. Ikapezeka, sankhani Animal. Mukaisiya pa Human, kamera imasakasaka nkhope ya munthu, ndipo mwana akangodutsa kumbuyo kwa galu, fokasi imathawira kwa mwanayo.

Pali china chimene ambiri amachizindikira mochedwa. Mukasankha Animal, luso la Tracking, lotsata chinthu kulikonse kumene chikupita, limaleka kugwira ntchito. Ndiye kuti galu akakufulatirani diso n'kubisika, kamera imangogwira chomwe chili pafupi m'dera limene mwaipatsa. N'chifukwa chake ife timaika Focus Area pa Zone m'malo mwa Wide, kuti diso likasowa fokasi itsalebe pa thupi la galu, isapite pa udzu wa kutsogolo. Focus Mode ikhale pa AF-C nthawi zonse, kuti fokasi izisintha galu akamasuntha. Pa AF-S fokasi imaima pamene inagwira poyamba, moti galu wobwera kwa inu amaoneka bwino pa chithunzi choyamba chokha, zotsatira zonse n'kukhala zachimbuuzi.

Tsopano za kujambula motsatizana, komwe ndiye pagona nkhani. Pa Drive Mode, mukasankha Cont. Shooting, mumapeza liwiro la mitundu inayi: Hi+ imatenga zithunzi 11 pa sekondi, Hi 8, Mid 6, Lo 3. Aliyense amathamangira Hi+. Vuto lake n'lakuti pa Hi+ chimene mukuona pa sikirini si galu monga alili panthawiyo, koma chithunzi chomwe kamera yangojambula kumene. Mumakhala mukutsata galu wa kanthawi kapitako. Akakhota mwadzidzidzi, mumazindikira atatuluka kale, ndipo mumatsala ndi zithunzi za mchira ndi miyendo yakumbuyo. Pa Hi sikirini imaonetsa zomwe zikuchitika nthawi yomweyo, ngakhale imaphethira pakati pa zithunzi. Zithunzi 8 zimene galu ali pakati zimaposa 11 zimene theka lake wadulidwa mutu.

Titenge chitsanzo chimodzi n'kuchitsata mpaka kumapeto. Galu wachinyamata, pabwalo, cha m'ma 4 koloko madzulo, dzuwa litapendeka. Wina akumuponyera mpira ndipo iye akubwera nawo molunjika kwa inu. Tinene kuti akuthamanga mamita 5 pa sekondi, liwiro lomwe galu wamba amafika osavutika. Shata ikakhala pa 1/250 ya sekondi, galuyo amasuntha masentimita 2 shata isanatseke, ndipo ubweya ndi maso zimapakika ngati utoto wauwisi. Pa 1/1000 amasuntha mamilimita 5 okha, zomwe zimavomerezeka. Choncho ikani kamera pa M, pamene mumasankha nokha zonse, shata pa 1/1000, kabowo ka lenzi pa F4, ndipo ISO, mphamvu ya kamera yomvera kuwala, muisiye pa ISO AUTO kuti izidzisintha yokha galu akamachoka padzuwa kulowa mumthunzi. Kujambula motsatizana sikuchiza shata yochedwa. Mukaiwala shata pa 1/125, mudzapeza zithunzi 30 zoipa m'malo mwa chimodzi.

Bwanji F4 pamene lenzi imatseguka mpaka F1.8? Chifukwa cha mphuno. Ndi lenzi ya 50mm, galu ali mamita 2 kuchokera kwa inu, dera looneka bwino pa F1.8 ndi pafupifupi masentimita 11, ndipo theka lake lokha ndilo lili kutsogolo kwa diso. Galu wa mlomo wautali amatuluka maso ali ngwee, mphuno ili mbuu. Choipitsitsa, fokasi ikaphonya pang'ono n'kugwira mphuno, maso ndiwo amatayika. Pa F4 deralo limakula kufika pafupifupi masentimita 25, ndipo kuphonya pang'ono sikuonongetsa chithunzi.

Mukakonza zonsezi, chotsala ndi kudikira. Gwadani kapena khalani pansi kuti lenzi ifanane msinkhu ndi maso a galu. Sikirini ya kamerayi imapendekera m'mwamba, choncho mungathe kuitsitsa mpaka pafupi ndi dothi osagona chafufumimba. Dinani batani theka galu akadali patali, mpaka kabokosi kakang'ono kaonekere pa diso. Musayambe kujambula pomwepo. Ali mamita 15 galu amaoneka ngati kadontho, ndipo zithunzi zonse za kumeneko mudzazifufuta. Mulekeni afike cha pa mamita 6 kapena 7, dinani batani lonse, gwirani sekondi imodzi, kenaka tulani chala. Pa sekondi imodziyo mwatenga zithunzi 8, ndipo pakati pa chithunzi ndi chinzake galu wasuntha masentimita opitirira pang'ono 60. Mwa zisanu ndi zitatuzo nthawi zambiri mumapezeka chimodzi kapena ziwiri zomwe miyendo ili m'malere, makutu atakwera, maso ali kwa inu. Akayandikira kuposa mamita 2 fokasi imayamba kutsalira, chifukwa lenzi imayenera kuyenda mtunda waukulu mkati mwake pa sitepe iliyonse ya galu, ndiye zithunzi zomalizira musaziwerengere.

Chala chizitsogola. Kuchokera pamene diso laona chinthu kufika pamene chala chadina, pamadutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a sekondi, ndipo galu uja wadutsa kale mita yathunthu. Kamerayi ilibe luso losunga zithunzi za nthawi imene musanadine batani lonse, lomwe makamera ena atsopano ali nalo. Choncho muyenera kuwerenga nyamayo. Galu asanadumphe amatsitsa thako ndi kupinda miyendo yakumbuyo. Mphaka asanambwandire chidole amanyonyomala pansi, n'kugwedeza chiuno. Galu wotuluka m'madzi amaima kaye pang'ono asanadzikutumule, ndipo kudzikutumulako kumayambira kumutu. Dinani pa chizindikirocho, osati pa kudumpha kwenikweniko. Kudzikutumula kumafuna shata ya 1/2000 kuti madontho aime m'malere, ndipo apa ndi pamene Hi+ imathandizadi, popeza galu sakuchoka pamalo ndipo simukufunika kumutsata.

Chithunzi cha nkhope, galu atakhala, chili ndi nzeru yake. Musachiyese galu akangomasulidwa pa tcheni kapena m'khola. Athamange kaye mphindi 10 kapena 15, kenaka apume mpaka wefuwefu atachepa, apo ayi lilime lidzakhala panja pa chithunzi chilichonse. Kenaka imbani likhweru kapena finyani chidole cholira pafupi ndi lenzi. Amaimika makutu, mwina n'kupendeketsa mutu, kwa sekondi imodzi kapena ziwiri basi. Batani likhale litadinidwa kale theka phokoso lisanamveke. Phokoso limodzi limagwira ntchito kawiri kapena katatu, kenaka galu amalizolowera, ndiye sungani lina. Mukamuitana dzina amangodzuka n'kubwera kudzanunkhiza lenzi.

Kumene kamerayi imatopetsa ndi pa kusunga zithunzi. Imalandira zithunzi pafupifupi 46 za RAW, mtundu wa zithunzi zosakonzedwa ndi kamera, motsatizana isanayambe kuchedwa, kutanthauza masekondi anayi okha pa Hi+. Pa JPEG imafika pafupifupi 100. Ikadzaza imafuna nthawi kuti itsanulire zonse pa khadi, ndipo polowera khadi pake ndi pa UHS-I, choncho kugula khadi yodula ya UHS-II sikufulumizitsa kanthu m'kameramo. Khadi yolembedwa U3 kapena V30 ndi yokwanira. Pamene ikutsanula, zina za mu menyu sizitseguka, ndipo kawirikawiri ndi nthawi yomweyo pamene galu amachita chinthu chokongola. Mukamajambula pang'onopang'ono, sekondi imodzi n'kupumira, vutoli simukumana nalo n'komwe. Chithunzi chimodzi cha RAW chimadya pafupifupi mamegabaiti 25, ndiye khadi ya magigabaiti 32 imatenga zithunzi zopitirira pang'ono 1,000, zomwe chala cholemera chimamaliza tsiku limodzi.

M'nyumba nkhani imasintha. Kuwala kwa pabalaza usiku, babu limodzi likuyaka, kumafuna ISO ya m'ma 3200 kuti mupeze 1/500 pa F2, ndipo chithunzi chimakhalabe chabwino, ngakhale timadontho tonga mchenga timayamba kuoneka pa ubweya wakuda. Lenzi yobwera ndi kamera, ya 16-50mm, ikatalikitsidwa mpaka 50mm imatseguka kufika F5.6 basi, ndipo pa kuwala komweko ISO ingafunike kufika 25600. Pamenepo ubweya umaoneka ngati phala. Ngati chiweto chanu ndi mphaka wa m'nyumba, ndalama ya lenzi yotseguka kwambiri muiwerengeretu pa mtengo. Luso la OSS la mu lenzi limangoletsa kunjenjemera kwa manja anu, siliimitsa mphaka. Njira yosalira ndalama ndi kumukopera pafupi ndi zenera kapena pakhonde masana.

Kutsata diso nako kuli ndi malire. Pa galu wofiirira kapena mphaka wa maso owala imagwira msanga, ngakhale nkhope itapendekeka. Pa galu wakuda bii wa maso akuda, makamaka dzuwa likakhala kumbuyo kwake, kabokosi kamabwera n'kuchoka, ndipo pa galu wa ubweya wophimba maso nthawi zina sikabwera n'komwe. Mutembenuzeni kuti kuwala kumugwere kumaso, kadontho kowala kaoneke m'diso. Galu wakudayo amanyenganso muyeso wa kuwala akadzaza chithunzi chonse: kamera imawalitsa mopitirira mpaka ubweya kuoneka wotuwa, ndiye tsitsani kuwalako poika Exposure Comp. pa -0.7.

Kwa nyama yamantha, Silent Shooting imachotsa phokoso la shata ndipo imafika zithunzi 8 pa sekondi. Ndi yabwino kwa mphaka wogona kapena woyasamula. Pa galu wothamanga chopingasa musaigwiritse ntchito, chifukwa kamera imawerenga chithunzi mzere ndi mzere kuchokera pamwamba, ndipo miyendo, mchira ndi mizati ya mpanda zimatuluka zopindika. Pansi pa mababu ena imasiyanso mizere yopingasa pa chithunzi.

Batire ya NP-FW50 ndi yaing'ono. Pa pepala imajambula zithunzi 410 pogwiritsa ntchito sikirini, ndipo pojambula motsatizana chiwerengerochi chimapitirira kwambiri. Chomwe chimaitha ndi kudikira kuja, kamera ili yoyatsa, chala chili theka pa batani, lenzi ikusakasaka diso. Gulani yachiwiri tsiku lomwe mukugula kamera.