Zala, sileti, kapepala kotulukira kapena foni: chothandiza n'chiti m'kalasi ya ana 90?

Aphunzitsi anzathu amafunsa kawirikawiri, makamaka akachokera ku maphunziro a ku TDC kumene amva za kuyesa ana phunziro lisanathe, kuti njira yabwino ndi iti. Yankho limatengera zinthu ziwiri: kuchuluka kwa ana m'kalasi mwanu, ndi nthawi imene muli nayo yowerenga zimene ayankha. Tiyeni tiike njira zonse pa muyeso umodzi. Kalasi ndi ya ana 90, phunziro ndi la masamu, kuchotsera kobwereka, ndipo kwatsala mphindi zisanu kuti belu lilire.

Funso lakuti "Mwamva?" tisalitayire nthawi. Ana amayankha "Eee!" chifukwa cha ulemu ndi chizolowezi, ndipo amayankha chimodzimodzi kaya amva kaya sanamve. Kuloza amene akweza dzanja nakonso kumakuuzani za ana asanu omwe aja a kutsogolo, ena 85 osadziwika.

Tisanafike pa zipangizo, funso lenilenilo ndi limene limapangitsa njira iliyonse kugwira ntchito kapena kulephera. Lembani pa bolodi 402 − 157. Yankho lolondola ndi 245, koma mayankho olakwa ndiwo ali ndi uthenga. Mwana amene walemba 355 sanabwereke n'komwe. Pa mzere uliwonse wangochotsa nambala yaing'ono mu yaikulu: 7 kuchotsa 2, 5 kuchotsa 0, 4 kuchotsa 1. Amene walemba 255 wabwereka bwino ku mahandiredi, mateni akhala 10, koma atapereka teni limodzi ku mawani waiwala kuti atsala 9. Amene walemba 345 wadziwa kuti mateni atsala 9, koma 4 wa mahandiredi sanamutsitse kukhala 3. Ana atatuwa onse alakwa, koma sakufunika thandizo lofanana. Wa 355 ayenera kubwerera ku mitolo ya timitengo kuti aone kuti teni limodzi ndi mawani khumi, pamene wa 255 ndi wa 345 angofunika kukumbutsidwa kudula nambala imene abwerekako ndi kulemba yotsalayo pamwamba. Funso ngati 468 − 123 silikanakuuzani chilichonse, chifukwa ngakhale mwana wosadziwa kubwereka amalikhoza.

Njira ya zala ndi yotsika mtengo kuposa zonse, siilira ngakhale tambala. Mumalemba mayankho anayi aja pa bolodi, 245, 255, 345 ndi 355, lililonse ndi nambala yake kuyambira 1 mpaka 4, ana awerengere m'makope, kenako mukawerenga mpaka katatu onse aonetse zala nthawi imodzi. Zalazo azigwirizira pachifuwa, asakweze m'mwamba, apo ayi ana a kumbuyo amangotengera za mnzawo amene amadziwika kuti ndi wanzeru. Vuto lake ndi kulota. Pa mayankho anayi, mwana wongolota amakhoza kamodzi pa kanayi, ndiye ngati ana 40 sakudziwa, pafupifupi 10 mwa iwo adzaoneka ngati akudziwa. Komanso manja akatsika, umboni watha. Mumatsala ndi chithunzi cha m'mutu chakuti ambiri anasankha lachitatu, koma mayina mulibe.

Sileti imachotsa kulota kuja, chifukwa mwana amalemba yankho lake osati kusankha pa a mphunzitsi. Nthawi zina pamatuluka yankho limene simunaliganizire, ndipo limenelo ndi lofunika kulifunsa pomwepo: "Wapeza bwanji?" Masileti sachita kugula. Pulaiwudi yodulidwa kukula ngati kope, yopakidwa penti ya bolodi, imakhala zaka, ndipo katoni yolimba yopakidwa penti yomweyo imatha teremu. Ndi TALULAR yeniyeni imeneyo, kuphunzitsa ndi kuphunzira pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka m'dera lathu. Timabolodi toyera tolembera maka ndi tokongola, koma mamaka amauma msanga ana akaiwala kutseka, ndipo mtengo wake umabwera mwezi ndi mwezi. Choko chothyolathyola n'chokwanira.

Chimene chimavuta pa sileti ndi maso a mphunzitsi. Manambala a mwana wa mzere wakhumi simungawawerenge muli pa bolodi, makamaka m'kalasi ya mawindo a njerwa zobowola imene mumalowa kuwala kochepa. Auzeni alembe yankho lokha, lalikulu kudzaza sileti yonse, ndipo akweze mizere itatu itatu inu mukuyenda pakati. Ngati masileti ndi 45, awiri agwiritse imodzi, koma dziwani kuti mukuona yankho la wolimba mwa awiriwo. Kugawa ndi kutolera kumadya mphindi zitatu kapena zinayi ngati sakhalira pa magulu. Ubwino wake waukulu ndi wakuti mumadziwa nthawi yomweyo, ana akadali pamaso panu. Chifukwa cha chimenechi sileti isamadikire mapeto. Igwiritseni ntchito phunziro lili pakati, mukangomaliza chitsanzo chachiwiri, kuti mukaona 355 atachuluka muime, mutulutse timitengo, musanawapatse ntchito yolemba m'makope imene akalakwitsa masamu onse khumi mofanana.

Tsopano kapepala kotulukira, kamene ambiri amakatamanda. Mwana aliyense amalemba dzina ndi yankho pa kapepala, n'kupereka asanatuluke. Pa njira zosalira foni, ndi yokhayi imene imakusiyirani dzina la mwana pamodzi ndi mmene wawerengera, ndipo ndimaikonda pa chifukwa chimenecho. Koma ili ndi mitengo iwiri imene sitiuzana.

Woyamba ndi mapepala. Pepala la A4 lodulidwa pasanu ndi patatu limakwanira ana 8, ndiye ana 90 amafuna mapepala 12. Mukachita tsiku lililonse pa phunziro limodzi lokha, ndi mapepala 60 pa sabata, ndipo limu ya mapepala 500 imatha m'masabata asanu ndi atatu, teremu isanathe. Mukawauza ana kuti ang'ambe m'makope, makolo adzadandaula, ndipo adzakhala akunena zoona. Kumbuyo kwa mapepala a mayeso akale ndiko kumapulumutsa.

Wachiwiri, umene umaluma kwambiri, ndi nthawi. Malangizo ofala amati funsani zinthu zitatu: zimene waphunzira, zimene sanamve, ndi funso limene ali nalo. M'kalasi ya ana 25 n'zotheka. M'kalasi ya ana 90 ndi mayankho 270 olembedwa ndi manja a ana, ndipo ngakhale mutathera theka la mphindi pa kapepala kalikonse, ndi mphindi 45, pamwamba pa makope ochonga ndi mapulani a mawa. Mapeto ake timapepala timakhala m'chikwama mpaka Lachisanu, kalasi itapita kale pa mutu wina. Ana amazindikira msanga kuti palibe amene akuwerenga, ndipo sabata yachitatu amangolemba kuti "ndamva zonse" n'kuthamangira panja. Funso lakuti "waphunzira chiyani lero" lilinso ndi vuto lake: mwana amakopera mutu wa phunziro pa bolodi, "kuchotsera kobwereka", ndipo simunadziwe ngati angathe kuchotsera.

Kapepala kamapindula mukakachepetsa. Funso likhale limodzi, ngati 402 − 157, mwana aonetse mmene wawerengera, ndipo inu musachonge. Ingosanjani milu: wa 245, wa 355, wa 255 ndi 345 pamodzi, ndi wa zina zonse kuphatikiza opanda yankho. Pa masekondi anayi kapepala kalikonse, ana 90 mumawamaliza m'mphindi zisanu ndi imodzi. Tiyerekeze kuti milu yatuluka motere: 48 akhoza, 22 alemba 355, 14 alemba 255 kapena 345, ndipo 6 alemba zina. Kungoona manambalawa, mawa simupitirira ku mutu wina. Mphindi khumi zoyamba, ana 22 aja akhala nanu ndi mitolo ya timitengo, ana 14 agwira masamu atatu okhala ndi ziro pakati ali ndi mnzawo wokhoza pambali, ndipo otsalawo apitiriza ndi a m'buku. Ana 6 aja muwafunse mmodzi mmodzi, chifukwa mwa iwo mumapezeka amene sakuona bwino pa bolodi, kapena amene sanafike pozindikira malo a manambala.

Pali kanthu kena kakang'ono koma kosokoneza. Ku pulayimale ana satuluka phunziro likatha, amangotseka kope ili n'kutsegula lina. Kuimirira pakhomo n'kumalandira timapepala kumatheka pokhapokha phunzirolo likugundana ndi buleki kapena nthawi yoweruka, ndipo ana 90 pa khomo limodzi ndi chipwirikiti. Atsogoleri a magulu atolere ana ali chikhalire. Musalole kuti kapepala kakhale chilango chakuti wolakwa satuluka, chifukwa tsiku lotsatira onse adzakopera.

Za mafoni ndizinena mwachidule, ngakhale apa ndi pamene anthu amataya ndalama. Mapulogalamu ofunsira mafunso a Kahoot ndi Google Forms amafuna kuti mwana kapena gulu likhale ndi chipangizo ndi intaneti, ndiye m'masukulu athu ambiri nkhani imathera pomwepo. Plickers ndi imene imakopa, chifukwa foni imafunika imodzi yokha, ya mphunzitsi. Mwana aliyense amakhala ndi khadi losindikizidwa, amalitembenuza kuti chilembo A, B, C kapena D chikhale pamwamba, kamera n'kuwerenga kalasi yonse ndi mayina omwe. Mnzake sangakopere chifukwa makadiwo ndi osiyana maonekedwe. Koma makadi a Plickers amalekera pa 63. Ambiri amazindikira zimenezi atasindikiza kale, ndipo m'kalasi ya ana 90 otsala 27 alibe khadi, ndiye muyenera kugawa kalasi pawiri ndi kujambula kawiri. Mukawakuta ndi pulasitiki yonyezimira kuti asang'ambike, kuwala kumalepheretsa kamera kuwerenga, ndalama yokutira n'kupita pachabe. Onjezani bandulo ndi netiweki, ndipo kumbukirani kuti funsolo likadali losankha pa mayankho anayi, kulota kuja kulipobe. Kwa mphunzitsi wa Fomu 3 wa ana 45 pa sukulu ya magetsi, ndi chida chabwino. Kwa wa Sitandade 4 wa ana 90, sindikulimbikitsa.

Ine ndimaima ndi sileti pa ntchito ya tsiku ndi tsiku, ndipo zala zilowe m'malo tsiku limene choko chasowa. Kapepala kasungeni pa malo amene mutu wotsatira ukudalira wa lero, monga kuchoka pa kuchotsera kobwereka kupita ku kugawa kwa njira yaitali, kumene mwana amachotsera pa sitepe iliyonse. Kamodzi kapena kawiri pa sabata n'kokwanira, pa tsiku limene mukudziwa kuti mupeza mphindi khumi zosanja milu musanalembe pulani ya mawa. Timapepala ta mulu wa 355 musataye. Tikulungeni ndi labala, ndipo pakatha masiku atatu ana omwewo muwapatse 603 − 248. Amene alemba 445 akadachotsabe yaing'ono mu yaikulu, ndipo mayina awo ndiwo alowe m'gulu lothandizidwa mwapadera.